Kodi mtengo wa mandasi amaika ndani?

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinaima pa siteji ku Limbe ndikufuna kupita m'tauni ya Blantyre. Minibasi zinali zitandanda, oitanira akulimbirana aliyense wodutsa. Nditamuuza kondakitala kuti ndalama yanga sikukwana, sanandilole n'komwe kumaliza. "Kwerani bambo, muperekako yomweyo." Madzulo a tsiku lomwelo, nthawi yoweruka, kunagwa mvula. Anthu tinaunjikana pansi pa khonde la sitolo ina, minibasi zikubwera imodziimodzi, ndipo mtengo wa ulendo womwe uja unali utadumpha. Mayi wina anayesa kudandaula. Kondakitala anangoti, "Ngati simukukwera, mayi, apatseni mpata anzanu." Mayi aja anakwera.

Msewu unali womwewo, mafuta a mtengo womwewo, mwinanso dalaivala anali yemweyo. Chimene chinasintha pakati pa masana ndi madzulo chinali chimodzi: masana ndikanatha kukana n'kukwera ina, madzulo kukana kunali kuyenda wapansi m'mvula.

Ambirife timakhulupirira kuti mtengo wa chinthu umachokera ku ndalama zimene wogulitsa walowetsa. Wapikula pa zakuti, waikapo kangachepe pamwamba, mtengo ndi umenewo. Zoona zilipo pamenepa, koma n'zatheka chabe. Zolowa zimangoyala pansi pamene mtengo sungatsikirire. Kukula kwa kangachepe kaja, kamene m'nkhani ino ndizikatcha chapamwamba, kumalamulidwa ndi chinthu china: kuchuluka kwa ogula amene amathawa mtengo ukakwera. Ndipo zinthu ziwirizi n'zomangidwa pamodzi ndi masamu achidule kwambiri, oti munthu wogulitsa pa benchi akhoza kuwawerengera kuseri kwa katoni.

Tiyambe ndi pansi paja. Tikamati zolowa, pali mitundu iwiri imene anthu amaisakaniza. Pali ndalama imene imatuluka kaya mwagulitsa kaya simunagulitse: lendi ya shopu, chiphaso cha msika, thiransipoti yopitira ndi kubwerera. Ndiye pali ndalama imene imatuluka pokhapokha mukapanga kapena mukagulitsa chinthu chimodzi chinanso. Akatswiri a zachuma akamakamba za chapamwamba, amayeza kuchokera pa yachiwiriyi, zolowa za chimodzi chotsatira. Kwa wokazinga mandasi, ndi ufa, mafuta, shuga, yisiti, nkhuni ndi kajumbo zimene zimapita pa ndasi limodzi loonjezera. Kwa minibasi imene yatsala pang'ono kunyamuka ili ndi mpando wopanda munthu, zolowa za wokwera mmodzi woonjezera n'zochepa kwambiri, kadontho ka mafuta basi, chifukwa galimotoyo ipitabe. N'chifukwa chake kondakitala uja analandira ndalama yanga yoperewera osanyinyirika. Sanandichitire chifundo. Mpando wopanda munthu subweretsa kanthu, ndipo chilichonse chimene ndinamupatsa chinali choposa zimene ndinamudyera.

Chinthu chachiwiri ndi khalidwe la ogula. Ganizani za mphira ya legeni. Ina mukaikoka pang'ono imatamuka kwambiri, ina ndi youma, mumakoka koma sisuntha. Katswiri wa ku Mangalande, Alfred Marshall, ndiye anatchukitsa fanizo lotere m'buku lake la mu 1890, ndipo mpaka lero m'makalasi a zachuma amati elasitisite. Ife tingoti kutamuka. Kayezedwe kake n'kosavuta. Kwezani mtengo ndi 10 peresenti, muone kuti malonda atsika ndi maperesenti angati, kenako gawani nambala yachiwiriyi ndi yoyamba. Akatsika ndi 20 peresenti, kutamuka ndi 2. Akatsika ndi 50 peresenti, kutamuka ndi 5. Akangotsika ndi 5 peresenti, kutamuka ndi theka, ogula anu ndi mphira youma.

Beseni la mandasi pa geti

Tiyerekeze mayi amene amagulitsa mandasi pa geti la fakitale ina, kutali ndi msika, ndipo pamalopo wa mandasi ndi iye yekha. Manambala otsatirawa ndawasankha dala kuti masamu aoneke poyera, koma kayendedwe kake ndi kamene wamalonda aliyense amakadziwa. Akawerengera ufa, mafuta ndi zina zonse, ndasi lililonse limamudyera K200. Pamwamba apo amawononga K5,000 tsiku lililonse pa thiransipoti ndi chiphaso, agulitse asagulitse.

Atayesa mitengo yosiyanasiyana kwa milungu ingapo, wapeza kuti akakweza ndi K50, amataya mandasi 50 pa tsiku. Pa K300 amagulitsa 300. Pa K350 amagulitsa 250, pa K400 amagulitsa 200, pa K450 amagulitsa 150, ndipo pa K500 amagulitsa 100 okha.

Mukamufunsa tsiku limene amasangalala kwambiri, mwina adzakuuzani kuti ndi la K300. Beseni limatha msanga, anthu amachita kulimbirana, ndipo pomasula mfundo ya chitenje madzulo amapezamo K90,000, ndalama yochuluka kuposa ya mtengo wina uliwonse. Koma pa K90,000 imeneyo, K60,000 ndi ya ufa ndi mafuta a mawa. Yotsala ndi K30,000. Pa K400 mfundo imakhala yopepukirapo, K80,000, koma wakazinga mandasi 200 okha, zolowa K40,000, yotsala K40,000. Wagwira ntchito yochepa, wapuma utsi wochepa, wapeza zambiri. Pa K350 ndi pa K450 yotsala ndi K37,500, ndipo pa K500 yabwereranso pa K30,000. Nsonga ya phiri ili pa K400.

Onani kuti K5,000 ija sinalowe m'masamu osankhira mtengo. Ichotseni pa mtengo uliwonse, wopambana akhalabe K400. Ndalama imeneyo imayankha funso lina, loti kodi n'koyenera kudzuka m'mamawa kupita ku geti kuja kapena ayi. Funso la mtengo siliikhudza. Izi zimawavuta anthu ambiri kuzilandira, chifukwa mwini shopu lendi ikakwera, chinthu choyamba chimene amaganiza n'kukweza mitengo. Koma ngati mtengo wake unali kale pa nsonga, kukweza kungomuchotsera zina pamwamba pa lendiyo. Zimasintha pokhapokha lendi itakwera kwa onse, ena n'kutseka mashopu, ogula n'kutsala ndi kochepa kothawira.

Tsopano tiyeze kutamuka pa nsonga paja. Pa K400, kukweza ndi 10 peresenti ndi kuonjezera K40. Mayi ataya mandasi 40 pa 200, amene ndi 20 peresenti. Kutamuka ndi 2. Nanga chapamwamba? Pa K400 imene wogula amapereka, K200 ndi zolowa, K200 ndi chapamwamba. Chapamwamba ndi theka la mtengo, gawo limodzi mwa magawo 2. Nambala 2 yatulukira mbali zonse ziwiri, ndipo sizinangochitika mwangozi.

Amene amakumbukiridwa pa mgwirizano umenewu ndi Abba Lerner, amene anabadwa mu 1903, anakulira ku London, ndipo analemba za nkhaniyi mu 1934 ali ku London School of Economics. Iye ankafuna njira yoyezera mphamvu ya wamalonda amene alibe wopikisana naye. M'mabuku amalemba motere:

(P − MC) / P = 1 / e

P ndi mtengo wogulitsira, MC ndi zolowa za chimodzi chotsatira, e ndi kutamuka. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku, akunena kuti pa mtengo wopindulitsa koposa, gawo la mtengo limene ndi chapamwamba limafanana ndi 1 kugawa ndi kutamuka. Kutamuka kukakhala 2, theka la mtengo ndi chapamwamba. Kukakhala 5, gawo limodzi mwa magawo asanu. Kukakhala 10, gawo limodzi mwa magawo khumi.

Chifukwa chake sichifuna sukulu yapamwamba. Nthawi iliyonse mukakweza mtengo, pamachitika zinthu ziwiri zokokana. Amene atsala amakupatsani zoonjezera. Amene athawa amapita ndi chapamwamba chimene mukanapeza pa iwo, osati mtengo wonse, chifukwa ufa wawo simuugulanso. Pa K300 paja, mayi akakweza ndi K30 amataya mandasi 30. Pa lililonse ankapeza K100, ndiye wataya K3,000. Koma mandasi 270 otsala amubweretsera K30 yoonjezera lililonse, K8,100. Kukweza kwapindula. Pa K500 zinthu zimatembenuka. Akakweza ndi K50 amataya mandasi 50, lililonse linali ndi chapamwamba cha K300, ndiye K15,000 yapita, pamene 50 otsalawo angomupatsa K2,500 yoonjezera. Pamenepo wadutsa kale nsonga, ayenera kubwerera. Chapamwamba chikamakula, wogula aliyense wothawa amapweteka kwambiri, ndipo pamafika poti zopeza ndi zotaya zalingana. Masamu a Lerner amangoloza malo amenewo.

Pali njira yachidule yodziyezera. Tengani gawo la mtengo limene ndi chapamwamba, muchulukitse ndi kutamuka. Yankho likachepera 1, mtengo wanu ndi wotsika. Likaposa 1, mwakweza mopitirira. Pa K300, chapamwamba ndi gawo limodzi mwa atatu, kutamuka ndi 1, yankho silikufika 1. Pa K500, chapamwamba ndi magawo atatu mwa asanu, kutamuka ndi 5, yankho ndi 3.

Mayi yemweyo pa depoti

Tsopano mayi uja asamuke, akakhale pa depoti ya mabasi pamene pali amayi khumi ndi awiri, mabeseni ali mondondozana, mandasi ofanana kukula ndi kufiira. Zolowa zake sizinasinthe, K200. Koma pano akangokweza ndi 10 peresenti, theka la makasitomala ake likungosuntha phazi limodzi kupita pa beseni loyandikana nalo. Kutamuka ndi 5. Masamu aja tikawatembenuza amati mtengo ndi zolowa kuchulukitsa ndi e, kugawa ndi e kuchotsapo 1. Apa ndi K200 kuchulukitsa ndi 5, kugawa ndi 4, mtengo K250. Chapamwamba chatsika kuchoka pa K200 kufika pa K50. Munthu yemweyo, dzanja lomwelo, ufa womwewo.

Apa ndi pamene pali mfundo imene ambiri amaphonya, ngakhale ena amene anaphunzira zimenezi m'kalasi. Kutamuka kumene kumagwira ntchito si kwa katunduyo, koma kwa wogulitsayo. Tengani mchere. Mchere ukakwera mtengo m'dziko lonse, palibe amene adzasiye kuthira m'ndiwo, ndipo ukatsika palibe amene adzayambe kuthira kawiri. Monga katundu, mchere ndi mphira youma zedi. Koma pitani mu msika uliwonse muone ngati ogulitsa mchere akulemera. Sakulemera, chifukwa ngakhale simungathawe mchere, mukhoza kuthawa amene akukugulitsani. Mnzake ali pafupi pomwepo ndi timapaketi tofanana.

N'chifukwa chake zambiri zimene amalonda amachita, ukaziyang'anitsitsa, ndi njira zoumitsira mphira. Mayi wa tomato amene amakuikirani banyira, kukufunsani za ana, n'kukulolani kutenga pa ngongole mpaka pa mapeto a mwezi, akuchititsa kuti tsiku limene mulu wake wacheperako musapite kwa wina. Kampani imene imalipira ndalama zambiri kulengeza sopo wake pa wailesi ikufuna kuti m'mutu mwanu sopo ameneyo asafanane ndi wina aliyense. Ogulitsa okhala malo amodzi akagwirizana kuti pasapezeke wotsitsa, achotsa kothawira konse, ndipo kutamuka kwa aliyense kwasanduka kwa katundu yense. Ichi n'chifukwa chake malamulo a mpikisano pa malonda, kuno kwathu ndi kwina, amaletsa makampani kupangana mitengo.

Ndipo wogulitsa mmodzi akhoza kukhala ndi mphira ziwiri nthawi imodzi. Aliyense amene anafikapo pa msika wa ziboliboli atavala bwino, kapena atatsika m'galimoto, amadziwa kuti mtengo woyamba umatchulidwa wogulitsa atayang'ana kaye nsapato zanu. Kunenerera konse kuja, kuchoka ngati mukupita kuti akuitaneni, ndi njira yoti wogulitsa ayeze kutamuka kwa munthu mmodzi. Ine ndimalephera masewerawa nthawi zonse, nkhope yanga imaulula msanga kuti chinthucho ndachikonda.

Pamene mphira yauma kotheratu

Masamu a Lerner ali ndi malo amene amaoneka ngati asokonekera, ndipo malo amenewo ndi ophunzitsa kwambiri. Bwanji kutamuka kukachepera 1, tinene theka? Ndiye kuti 1 kugawa ndi theka ndi 2, kutanthauza kuti chapamwamba chikhale kawiri mtengo wonse. Zimenezo sizingatheke. Tanthauzo lake n'lakuti wogulitsa amene ali yekha sangakhazikike pamalo otero. Taganizani: akakweza ndi 10 peresenti, malonda amangotsika ndi 5 peresenti. Ndalama yolowa m'thumba yakwera, katundu wopanga wachepa, zolowa zatsika. Wapindula mbali zonse. Ndiye adzakwezanso, n'kukwezanso, mpaka atafika pa mtengo umene anthu ayamba kuthawa mochuluka.

Chitsanzo chimene dziko lonse linachiona chinachitika ku Amereka mu 2015. Kampani ya Turing Pharmaceuticals, motsogozedwa ndi Martin Shkreli, inagula ufulu wogulitsa mankhwala otchedwa Daraprim, akale kwambiri, amene amachiza matenda ena oopsa kwa anthu a chitetezo chofooka m'thupi. Panalibe kampani ina yovomerezeka kugulitsa mankhwala ofanana nawo m'dzikomo. Mtengo wa piritsi limodzi unachoka pa madola 13.50 kufika pa madola 750. Kapangidwe ka piritsilo sikanasinthe ngakhale pang'ono. Eni atsopanowo anangoona kuti odwala alibe kothawira, ndipo anakoka mphirayo mpaka pamene ikanathera.

Kuno kwathu ndi chifukwa chomwechi chimene mitengo ya magetsi ndi mafuta a galimoto siisiyidwa m'manja mwa ogulitsa okha, koma imadutsa ku bungwe la MERA. Nyumba imene yalumikizidwa ku magetsi ilibe kampani yachiwiri yoti isankhe. Tikhoza kukangana ngati bungwelo limaika mitengo yoyenera, ndipo timakanganadi, koma chifukwa chokhalira ndi woyang'anira chili m'masamu omwewa.

Palinso msampha wina wobadwa pomwepa. Popeza wogulitsa amene ali yekha amakweza mpaka ogula atayamba kuthawa, mukabwera kudzamuyeza atafika kale pamenepo mudzapeza kuti ogula ake amathawa msanga, n'kuganiza kuti ali pa mpikisano woopsa. Khoti lalikulu la ku Amereka linagwa mu msampha umenewu mu 1956, pa mlandu wa kampani ya DuPont. Kampaniyi inkagulitsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a selofeni, pepala lowonekera lokulungira katundu. Inadziteteza ponena kuti ikangokweza mtengo, ogula amapita ku mapepala ena okulungira, ndipo oweruza ambiri anavomereza. Akatswiri anadzaonetsa pambuyo pake kuti ogula ankaganizira mapepala enawo chifukwa choti selofeni anali atakwezedwa kale kufika pa malire. Mayi wathu wa pa geti nayenso akhoza kulumbira kuti akangopitirira K400 anthu amagula chinangwa chophika. N'zoona. Koma zimenezo sizikusonyeza kuti alibe mphamvu, zikusonyeza kuti waigwiritsa kale ntchito yonse. Umboni weniweni ndi mpata wa pakati pa K200 ndi K400.

Mafuta ophikira akakwera

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene amagula ufa wa tirigu ndi mafuta ophikira anamva kuwawa kwake pasanathe milungu. Funso limene wamalonda aliyense anakumana nalo linali loti akweze ndi zingati. Tibwerere pa geti paja. Zolowa za ndasi zachoka pa K200 kufika pa K260, koma malipiro a ogwira ntchito m'fakitale sanasinthe, ndiye khalidwe lawo logula ndi lomwe lija.

Mayi ali ndi chizolowezi chimene chinkamuyendera bwino: zolowa kuchulukitsa kawiri. Akatsatira chimenecho aika K520, agulitsa mandasi 80, yotsala K20,800. Akati angoonjezera K60 imene yakwerayo, aika K460, agulitsa 140, yotsala K28,000. Koma akaika K430, kusenzetsa ogula theka lokha la kukwerako, agulitsa 170 ndipo yotsala ndi K28,900, yoposa zonsezo. Chachitika n'chakuti pamene mtengo ukukwera, ogula otsalawo ndi ochepa ndipo aliyense wothawa ndi gawo lalikulu la iwo. Kutamuka kwakwera kuchoka pa 2 kufika pa 2 ndi theka, ndiye gawo la chapamwamba liyenera kutsika kuchoka pa theka kufika pafupifupi magawo awiri mwa asanu.

Sikuti nthawi zonse yankho ndi theka. Zimatengera mmene ogula a malowo amathawira mtengo ukamakwera. Pali misika imene kutamuka sikusintha kwenikweni, ndipo kumeneko wogulitsa amakweza moposa mmene zolowa zakwerera. Pa depoti paja, pamene chapamwamba chinali K50 yokha ndipo ufa wakwerera onse, palibe amene angameze K60, ndiye pafupifupi yonse imagwera wogula. Chimene chitsanzochi chikuonetsa n'chakuti lamulo la pamtima loti "ine ndimaika theka pamwamba" limagwira ntchito pokhapokha zinthu zikakhala mmene zinalili pamene lamulolo linkabadwa. Amalonda ena amapeza njira yachitatu, mtengo kuusiya pomwepo n'kuchepetsa ndasi. Kumeneko n'kukweza mtengo komwe, kungoti akubetcha kuti diso la wogula limaona nambala msanga kuposa kukula kwa chimene wagwira m'manja.

Mawu awiri ochenjeza amene amawerenga manambala otere m'nyuzipepala. Loyamba, chapamwamba chimayezedwa m'njira ziwiri ndipo anthu amakangana pachabe chifukwa chosafunsana. Ndasi la K200 logulitsidwa K400 lili ndi chapamwamba cha 100 peresenti mukayeza ndi zolowa, koma 50 peresenti mukayeza ndi mtengo. Lerner amayeza ndi mtengo. Lachiwiri, chapamwamba si phindu. Pa geti mayi amachotsa K5,000 pa K40,000 n'kutsala ndi zambiri, koma kampani ya mafoni, imene mphindi imodzi yoonjezera ya kuyimba siidyera pafupifupi kanthu, imakhala ndi chapamwamba chachikulu zedi chimene chiyenera kulipira nsanja, majenereta ndi malaisensi. Kafukufuku wa Jan De Loecker, Jan Eeckhout ndi Gabriel Unger, amene anasindikizidwa mu 2020, anapeza kuti m'makampani akuluakulu a ku Amereka chapamwamba chinakwera kuchoka pa 21 peresenti pamwamba pa zolowa mu 1980 kufika pa 61 peresenti mu 2016. Akatswiri akukanganabe kuti gawo lalikulu bwanji la kukwera kumeneku ndi mphamvu yofinya ogula, ndipo lalikulu bwanji ndi kusintha kwa mtundu wa zolowa.

Chovuta kwambiri pa zonsezi ndi kudziwa kutamuka kwenikweniko, chifukwa palibe amene amakulemberani pa chikwangwani. Muyenera kuyesa, ndipo kuyesa kumanyenga. Mayi akakweza mtengo pa 28, tsiku la malipiro, adzagulitsa zambiri kuposa dzulo lake n'kuganiza kuti mtengo ulibe kanthu. Akatsitsa pa 15, anthu matumba atauma, adzagulitsa zochepa n'kuganiza kuti kutsitsa kumathamangitsa anthu. Kuzizira kwa Juni kumagulitsa mandasi ndi tiyi, nyengo ya chimanga chachiwisi ndi mbatata imawalanda msika. Kuti manambala akhale ndi tanthauzo, ayenera kufanizira Lachiwiri ndi Lachiwiri, pakati pa mwezi ndi pakati pa mwezi, n'kusintha chinthu chimodzi chokha.

Ndiye pali nthawi. Sabata yoyamba mtengo utakwera, anthu amagulabe chifukwa anabwera opanda kamba. Sabata yachitatu ena ayamba kunyamula mbatata yophika kuchokera kunyumba. Ndipo chapamwamba cha K200 pa ndasi sichibisika. Mlonda wa pa geti amawerenga mabeseni, amakauza mkazi wake, ndipo m'mawa wina mayi uja pofika amapeza beseni lachiwiri litakhala kale pansi pa mtengo wa mango, mandasi ake akugulitsidwa K350.